Petulo wathu akupsera kuti?

Mukathira malita 10 a petulo m'galimoto, ndi angati amene amakankhadi matayala? Pa galimoto wamba ndi malita awiri kapena atatu okha, ngakhale injini ikamagwira bwino. Otsalawo amasanduka kutentha komwe kumatuluka ku ekizozi, kwina n'kukathera ku rediyeta. Nanga amene amayenda m'magalaja kugulitsa timaginito tomangirira pa paipi ya mafuta ndi timapilitsi toponya m'thanki, n'kumalonjeza kuti petulo adzakufikitsani kutali kawiri, amadziwa chiyani chimene Toyota ndi Mazda sadziwa? Ife tikuti palibe. Malire a injini ya petulo ali mkati mwa silinda, ndipo ndi nkhani ya nambala imodzi.

Nambalayo ndi mlingo wa kupanikiza, umene amakaniko amangoutcha kompuresheni. Pisitoni ikatsika mpaka pansi, m'silinda mumakhala malo aakulu odzaza mpweya wosakanizika ndi petulo. Ikakwera mpaka pamwamba, zonsezo zimafinyikira m'kachipinda kakang'ono pansi pa hedi. Mukagawa malo aakuluwo ndi kachipindako, mwapeza mlingowo.

Titenge injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Probox, mu Sienta yakale ndi m'ma Corolla ambiri a m'misewu yathu. Ndi ya mamililita 1,497, masilinda anayi, choncho pisitoni iliyonse imakankha mamililita 374. Kachipinda kapamwamba ndi ka mamililita pafupifupi 39.4. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 413.4, ndipo mukagawa ndi 39.4 mupeza 10.5. N'chifukwa chake mabuku a injiniyi amalemba 10.5:1.

Kodi kufinya mpweya kumapindulitsa chiyani, pamene kufinyako kumadyanso mphamvu? Phindu limabwera pobwerera. Pulagi ikayatsa moto, mpweya wotentha umafutukuka n'kukankha pisitoni, ndipo pofutukukapo umazizira chifukwa kutentha kwake kukusanduka ntchito. Mpweya umene unafinyidwa kakhumi uli ndi mpata wofutukuka kakhumi. Umene unafinyidwa kanayi umafutukuka kanayi basi, valavu n'kutseguka udakali wotentha kwambiri, kutentha kumene munagula pa pampu n'kuuluka. Injini yamtunduwu, imene Nikolaus Otto anaipanga ku Germany mu 1876, ili ndi lamulo lake la masamu:

```
η = 1 − 1 / r^0.4
```

Apa r ndi mlingo wa kupanikiza, ndipo η ndi gawo la kutentha limene lingasanduke ntchito mu injini yongoyerekeza, yopanda kukhulana kwa zitsulo, yosataya kutentha m'makoma, yodzaza mpweya wokhawokha. Injini yotero kulibe. Lamuloli likungoonetsa denga limene palibe injini yeniyeni ingaligunde.

Tiikemo manambala. Ford Model T inkapanikiza pafupifupi 4:1, ndipo denga lake linali 43 peresenti. Pa 8:1 denga limafika 56. Pa 10:1 limafika 60, pa 12:1 ndi 63, pa 14:1 ndi 65. Mwaona mmene makwerero akufupikira? Kuchoka pa 4 kufika pa 8 mwapindula 13 kapena 14. Kuchoka pa 12 kufika pa 14 mwapindula ziwiri zokha. Ndipo ngakhale injini yongoyerekezayo, pa mlingo wa Probox, ikutaya kale 39 peresenti zitsulo zisanayambe n'komwe kukhulana. Kamaginito ka pa paipi kangasinthe bwanji nambala imeneyi, pamene sikakhudza pisitoni kapena hedi?

Wina afunsa kuti, ngati kukwera kuli ndi phindu ngakhale lochepa, bwanji osapanikiza 20:1? Apa ndiye pagona nkhani. Aliyense amene anapopapo njinga amadziwa kuti pampu imatentha m'manja. M'silinda ndi chimodzimodzi, koma mopitirira: pa 10:1, pisitoni ikamafika pamwamba mpweya umakhala utadutsa madigiri 400. Pulagi ikathetheka, moto umayenera kuyenda mwadongosolo kuchokera pakati kupita m'mbali, ngati moto wa lupsa ukuyenda m'dambo. Koma pamene ukuyenda, ukufinyanso ndi kutenthetsa mpweya umene sunafikidwe. Ngati mpweya wa m'mphepetewo wapsa mtima moto usanafike, umaphulika wokha nthawi imodzi. Kuphulikako kumamenya makoma a silinda, ndipo woyendetsa amamva kugogoda ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini.

Kodi mudamvapo phokoso limenelo galimoto yodzaza ikukwera phiri masana kukutentha, dalaivala ataponda moto ali mu giya lalikulu? Kumeneko ndiye kugogoda. Kukapitirira kumaswa timalire ta pakati pa maring'i, kumadya mutu wa pisitoni, kumawotcha gasiketi. Tikamva kuti injini yanoka nthawi zambiri timaganiza za oyilo ndi mabering'i, koma ina imafa imfa yotereyi.

Nanga dizilo imapulumuka bwanji, pamene imapanikiza kuyambira cha m'ma 15:1 mpaka kupitirira 20:1? Imafinya mpweya wokha wopanda mafuta. Mafuta amapoperedwa pamapeto, n'kuyaka chifukwa cha kutentha komweko. Chimene chili tsoka kwa petulo ndicho chimayatsa dizilo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malole ndi mabasi amayendera dizilo.

Choncho denga lenileni la injini ya petulo limaikidwa ndi petulo yemweyo: angapirire kufinyidwa mpaka pati asanaphulike yekha? Kupirira kumeneko ndi kumene nambala ya okiteni imayeza. Funso lathu kwa amene amakhulupirira kuti okiteni wokwera ndi petulo wamphamvu n'lakuti, mphamvu yakeyo ikuchokera kuti? Okiteni sayeza mphamvu ya m'lita. Mukathira petulo wa okiteni wokwera mu injini imene sigogoda ndi petulo wamba, kachipinda kaja kadakali mamililita 39.4 omwewo, ndipo palibe chimene mwapindula. Okiteni amangopatsa wopanga injini chilolezo chokweza mlingo.

Chilolezo chimenecho anthu adachigulapo pa mtengo woopsa. Mu 1921 Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti mankhwala a mtovu, pang'ono pokha, amaletsa kugogoda. Mlingo wa injini unakwera, koma mtovu unafalikira mu mpweya ndi m'magazi a ana kwa zaka zambiri. Dziko lomaliza kusiya petulo wa mtovu linali Algeria, mu 2021. Zaka 100 za poizoni chifukwa cha nambala imodzi: kodi wina angatiuzebe kuti malire amenewa amadumphika ndi kapilitsi ka pa msika? Kuno kwathu njira ina tili nayo kale. Malawi wakhala akusakaniza etanolo wa ku nzimbe ndi petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Etanolo amapirira kufinyidwa kuposa petulo, ngakhale kuti lita yake ili ndi mphamvu yochepa. Kumbali inayo, amene amasungunula petulo ndi parafini m'zigubu akutsitsa okiteni, ndipo pisitoni ndiyo imalipira.

Tibwerere ku galaja. Injini ikatentha mpaka hedi kupindika, imapita kukapalidwa kuti ikhalenso yosalala. Kodi ndi angati amafunsa kuti achotsapo zochuluka bwanji? Silinda ya 1NZ-FE ndi ya mamilimita 75 m'mimba mwake. Kupala theka la milimita kumachotsa mamililita pafupifupi awiri pa kachipinda kaja, n'kutsala 37 ndi pang'ono, ndipo mlingo umachoka pa 10.5 kufika pa 11. Pa pepala mwapindula, koma phindulo silikwana ngakhale peresenti imodzi. Chimene mwataya ndi mpata umene opanga anasiya kuti injini isagogode tsiku lotentha.

Mwina simumva phokoso lililonse, chifukwa injini zamakono zili ndi sensa yomangidwa pa buloko imene imamva kugogoda khutu lanu lisanamve. Ikamva, kompyuta imachedwetsa moto wa pulagi. Injini yapulumuka, koma moto wochedwa umakankha pisitoni itayamba kale kutsika, choncho mphamvu imachepa ndipo petulo amatha msanga. Mwini galimoto amangodandaula kuti chibwerereni ku galaja yayamba kumwa ndipo ikulemera pa chitunda. Mwaye wounjikana pa pisitoni umachitanso zomwezo, chifukwa umadya malo m'kachipindamo ndiponso umasunga kutentha.

Kodi ndiye kuti denga silisuntha? Limasuntha, koma pang'onopang'ono ndiponso ndi thukuta. Mu 2011 Mazda inatulutsa Demio ya injini ya Skyactiv yopanikiza 14:1. Kuti ifike pamenepo anapopera petulo mwachindunji m'silinda kuti kuuluka kwake kuziziritse mpweya, anakumba kadzenje pamutu pa pisitoni kuti moto uyende msanga, ndipo anabwezera utsi wina woziziritsidwa m'silinda. Toyota pa Prius inatenga njira ina: valavu yolowetsa mpweya imachedwa kutseka, mpweya wina n'kubwerera, kotero injini imafinya pang'ono koma imafutukula mokwanira 13:1. Mphamvu imachepa, mota yamagetsi n'kuthandizira. Ndi nzeru zonsezo, Prius ya 2015 inafika 40 peresenti. Pa malita 10, asanu ndi limodzi amapsabe pachabe.

Ngati makampani okhala ndi mainjiniya masauzande analimbana zaka zonsezo kuti apeze maperesenti ochepa, wogulitsa maginito uja afunsidwe funso limodzi lokha asanalandire ndalama yanu: kodi chinthu chakecho chikusintha mlingo wa kupanikiza, kapena chikuletsa kugogoda? Akalephera kuyankha, ndalamayo kagulireni mapulagi oyenera, konzetsani rediyeta, ndipo tsiku limene hedi ikupita kukapalidwa, mufunse makaniko kuti achotsapo mamilimita angati.