Mlandu umene khoti linagamula kale subwereranso kubwalo

Pa 8 Meyi 2020, Khoti Lalikulu la Apilo linakana apilo ya Pulofesa Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo linagwirizana ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale chofafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019. Kuchokera tsikulo panalibenso bwalo m'dziko muno limene mbali ziwirizo zikanakayambirako nkhaniyo, kotero Amalawi anavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho.

Akatswiri a malamulo amatchula mfundo yotseka khomoli m'Chilatini kuti resi judikata, kutanthauza nkhani imene yaweruzidwa kale. Imagwira ntchito ngati anthu okanganawo ali omwewo, nkhani ili yomweyo, ndipo bwalo lokhala ndi mphamvu linamva mlanduwo ndi kupereka chigamulo chomaliza. Zifukwa zake n'zakuti mikangano iyenera kukhala ndi mapeto, komanso munthu sayenera kuvutitsidwa kawiri pankhani imodzi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamuloli limatsekanso madandaulo amene munthu akanatha kuwatula pa mlandu woyamba koma sanatero. Izi zinakhazikika pa mlandu wa banja la Henderson ku Mangalande mu 1843, ndipo makhoti a m'Malawi amazitsata poti dziko lino linatengera malamulo a Angerezi mu 1902.

Bethel ndi Jordan Henderson anali pachibale ndipo ankachita malonda limodzi. Jordan atamwalira, mkazi wake anasumira mlamu wakeyo ku Newfoundland, ndipo khoti linalamula Bethel kulipira mapaundi 26,650. Bethel anakatsegula mlandu wina ku Mangalande, ponena kuti malemuwo ndiwo anali naye ngongole. Woweruza James Wigram anakana, ponena kuti ngongoleyo inayenera kutchulidwa ku Newfoundland konko.

Izi zikuwakhudza ogwira ntchito m'boma. Wochotsedwa ntchito amene wasuma ndi kulandira chipukuta misozi, n'kukumbukira pambuyo pake kuti sanatchule ndalama za masiku atchuthi, akhoza kubwezedwa akapita kukatsegula mlandu wachiwiri. Nawo unduna umene unazengereza kutumiza mafayilo ku ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo sungapemphe kuti mlandu uyambirenso chifukwa kalata yofunika yapezeka m'kabati chigamulo chitaperekedwa. Boma limalipira basi, ndipo ndalamazo ndi za misonkho.

Apilo yokha siletsedwa, chifukwa ndi kupitiriza mlandu womwewo, malinga yaperekedwa m'masiku amene malamulo amalola. Chigamulo chopezedwa mwachinyengo chikhoza kuthetsedwa. Umboni watsopano umamvedwa mwa apo ndi apo, pokhapokha ngati mwini wake sakanaupeza poyamba ngakhale atafufuza mwakhama, komanso uli ndi mphamvu yosintha chigamulo.