Wogula akadandaula pagulu, muyankheni pomwepo

Tinene kuti mumagulitsa mbatatesi pamsika wa ku Ulongwe. Bambo wina wafika akukalipa: "Mbatatesi ya dzulo ija, ya pansi pa ndowa inali yowola! Ndinu wakuba!" Ogula ena aima, akumvetsera.

Ena amati ndi bwino kukhala chete, kapena kumutengera munthuyo pambali. Ine sindigwirizana nazo. Dandaulo lamveka pagulu, choncho yankho limvekenso pagulu. Mukakhala chete, anthu aganiza kuti bamboyo akunena zoona. Mukabwezera mwano, aiwala za mbatatesi, koma akumbukira mwano wanuwo.

Yankhani chonchi, osakweza mawu: "Pepani bambo. Yowolayo inali yochuluka bwanji? Bwerani nayo, ndikusinthireni kapena ndikubwezereni ndalama yake."

Taonani, mawu akuti "wakuba" simunawayankhe. Mwayankha za mbatatesi basi. Mwapepesa, mwafunsa, ndipo mwanena chimene muchite. Amene aima pamenepo aona okha kuti katundu wanu akaonongeka, wogula sataya ndalama.

Nanga ngati munthuyo akunama? Nenani zoona kamodzi kokha: "Bambo, dzulo tinakhuthula ndowa yonse pamodzi, ndipo munasankha nokha." Mukatero lekezani pomwepo. Musaulule ngongole yake kapena nkhani za kunyumba kwake, chifukwa ogula ena aopa kuti mawa muulula zawo.

Ndipo mukalonjeza kusintha, sinthanidi. Anthu omwe anamva lonjezo lanu adzamufunsa bamboyo ngati munamusinthira.