Funso Lolakwika Lichotsedwe, Malikisi Asagawidwe Chisawawa

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina ya sekondale ku Ndirande ophunzira a Fomu 4 alemba mayeso oyeserera a masamu a malikisi 100. Funso lina la malikisi 10 likuwauza kuti apeze kukula kwa makonatatu a mbali za masentimita 3, 4 ndi 8. Pochonga, mphunzitsi atulukira kuti wotayipa adalemba 8 m'malo mwa 5. Makonatatu otere kulibe, pakuti mbali ziwiri zazifupizo zikaphatikizidwa zingokwana 7, ndipo sizingakumane pamwamba pa mbali ya 8. Tsono achite chiyani?

Aphunzitsi ambiri amathamangira kupatsa aliyense malikisi 10 aja, namati achita chilungamo. Ine ndikuti chimenecho ndi chinyengo chovala malaya a chifundo. Taonani. Mwana amene wapeza 72 pa mafunso abwino, omwe malikisi ake ndi 90, wakhoza magawo 80 pa 100 alionse. Mukamuninkha 10 aulere afika pa 82, ndiye kuti wapindula ndi 2 okha. Mnzake amene wapeza 31 wakhoza magawo 34 basi, koma mphatso ija imukweza kufika pa 41. Ngati sukuluyo idaika 40 kukhala malire a kukhoza, mwanayu abwerera kwawo akusekerera kuti wakhoza, chonsecho wamukhozetsa ndi wotayipa. Kholo lake lileka kumufunira thandizo, ndipo choona chidzamupeza pa mayeso a MSCE, nthawi itatha kale.

Ena amati ana onse alembenso. Bungwe la MANEB lidachitadi zimenezi pamene lidathetsa mayeso a MSCE m'mwezi wa Novembala 2020, ophunzira nkudzalembanso mu Januwale 2021. Komatu apo mapepala adali atabedwa, ndipo padalibe wodziwa amene adaonera ndi amene sadaonere. Funso limodzi lopunduka siliononga mafunso anzake. Nanga mwana wochokera ku Machinjiri alipirenso minibasi chifukwa cha chala cha wotayipa?

Njira yoyenera ndi kulichotsa funsolo, kuchonga pa 90, kenaka kuchulukitsa malikisi a mwana aliyense ndi 100 nkugawa ndi 90. Mphunzitsi aimirire pamaso pa kalasi, alembe funsolo pa bolodi ndi kuonetsa pamene lidalakwika.

Otsutsa adzati: bwanji za mwana amene adataya mphindi 20 akulimbana ndi funso lopanda yankho, nalephera kumaliza ena? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo kugawa 10 kwa aliyense sikuiyankha, popeza wolidumpha ndi wolivutikira alandira mofanana. Pepala lenilenilo ndiye mboni. Mphunzitsi akaona masamba odzaza ndi kufufuta pa funsolo, mafunso akumapeto ali osayankhidwa, ndipo mwanayo watsala pang'ono kufika pa malire, akhale pansi ndi mkulu wa phunzirolo, amupatse mwanayo funso lina lofanana nalo kulemera kwake kuti ayankhe payekha.