Meshi yomwera Panado, ayi ndakana

Amayi anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo aliyense woluka tsitsi amene akwiye akwiye ndithu. Pali bodza lina limene lakhazikika m'masaluni ndi m'makonde momwe timalukitsa, kuchokera kuno kwa Malemia mpaka ku Bangula ndi Nchalo: akuti meshi yabwino imayenera kuwawa masiku atatu oyamba. Mwamva mutu ukugunda, akuti kamweni Panado. Usiku mwalephera kutsamira pilo, akuti izolowera. Ine ndikuti ululu umenewo ndi khungu likukuuzani kuti tsitsi likuzulidwa, ndipo amene akukuuzani kuti mupirire sadzakhalapo tsiku limene chipumi chidzafike pakati pa mutu.

Tsitsi lililonse limamera m'kathumba kakang'ono kamene kali m'khungu. La m'mphepete, pachipumi ndi pamwamba pa makutu, ndi lopyapyala kuposa la pakati. Tsono woluka amatapa titsitsi towerengeka ta pamenepo, n'kumangirirapo chingwe cha meshi chofika m'chiuno, n'kukoka kuti mzere uoneke bwino. Titsitsi timeneto timanyamula katunduyo usana ndi usiku. Mukasamba, meshi imamwa madzi n'kulemera kuposa kale. Kenako inu mumasonkhanitsa zingwe zonse n'kuzimanga pamwamba pa mutu ndi mphira, chifukwa kutentha kwa ku Nsanje kuno mu Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40, sikulola kanthu kukhudza khosi. Apo mwakoka kawiri malo amodzimodzi. Kathumba kaja kamatupa, tsitsi limathothoka. Mukasiya msanga limameranso. Mukabwereza zaka ndi zaka, kathumbako kamafa n'kusanduka chipsera, ndipo pachipsera sipamera kanthu ngakhale mutapakapo mafuta a mtengo wanji.

Musaganize kuti ndi nkhani ya anthu awiri atatu. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake anayeza mitu ya anthu ku Langa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Mwa amayi akuluakulu, 31.7 pa 100 alionse anali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi, ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu. Mwa atsikana a sukulu anali 17.1 pa 100. Anapezanso kuti vutoli linali lalikulu kwa amene anawongola tsitsi ndi mankhwala kenako n'kulikoka. Nzosadabwitsa: mankhwala aja amafooketsa tsitsi, inu n'kulisenzetsa katundu lili lofooka. Kuno kwathu lamulo lometa kusukulu za boma, lomwe ambiri tinkadana nalo, linatisungirako chipumi mpaka Folomu 4. Koma onani tiana ta ku mkaka lero, ta zaka zitatu, tomangidwa timphira ndi mikanda mpaka maso kutsomphoka. Mwana akalira akuti ndi wamwano.

Pali mayi wina amene benchi lake la tomato layandikana ndi langa, ndipo wandilola kunena nkhani yake popanda dzina. Kwa zaka zinayi ankaluka timeshi tating'onoting'ono tatitali, ndipo ankatisunga miyezi itatu chifukwa ndalama yake inali yambiri. Akamasula Lachisanu, Loweruka amapaka mankhwala owongola, Lamulungu akaweruka kutchalitchi amakalukanso. Chizindikiro choyamba chinali tiziphuphu m'munsi mwa mizere ya kutsogolo, tina tokhala ndi mafinya. Woluka wake anati ndi thukuta chabe. Kenako zingwe zina za pamwamba pa khutu zinayamba kugwa zokha, zitatenga tsitsi lake lomwe, kumapeto kwake kukuoneka kadontho koyera. Patapita nthawi mbali zonse ziwiri zinayera mofanana, koma kutsogolo kwenikweni kunatsala kamzere ka titsitsi tofewa, dazi lili kumbuyo kwake. Kamzere kameneko madokotala amakadziwa bwino, kamasonyeza kuti vuto ndi kukoka. Apongozi ake anati wina wamutola tsitsi, anzake anati ndi jakisoni wolera. Koma kodi mfiti yake ndi yotani yometa bwinobwino mbali ziwiri mofanana, ndendende pamene meshi imakoka?

Anameta, n'kukhala chaka osaluka. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathu lopotanali mwina kucheperako, choncho miyezi itatu yoyamba ankangoona ngati palibe chikuchitika. Pachipumi linabwerera. Pamwamba pa makutu, pamene khungu linali litasalala n'kumanyezimira, mpaka lero palibe. Mukafuna kudziwa mbali imene muli, tengani galasi panja padzuwa. Ngati pamalopo pakuoneka timabowo ndi titsitsi tating'ono, mpata ulipo. Ngati pasalala ngati pachikhatho, mwachedwa. Dazi lozungulira ngati ndalama, kapena lokhala ndi mfundu ndi kuyabwa makamaka kwa ana, limenelo lingakhale chipere kapena matenda ena, ndipo n'lofunika kuchipatala, osati kusaluni. Chimodzimodzi mafinya osatha: pitani pachipatala cha boma ku Nsanje, ndipo zikavuta ku Queens ku Blantyre kuli madokotala a khungu.

Oluka mundiuza kuti ndi makasitomala amene amafuna zothina kuti zikhalitse. Nzoona, ndine wamalonda ndipo ndikudziwa kuti kasitomala akadandaula amapita kwa wina. Koma inu ndi amene mumaona mitu yambiri, mumadziwa chimene chili pansi pa wigi iliyonse. Mukaona chipumi chikuthawa, n'chifukwa chiyani mumatapabe titsitsi totsalato? Ena mpaka mumagulitsa mafuta omeretsa kwa munthu yemweyo amene mwamuzula dzulo.

Sindikuti tisiye kuluka. Ndikuti muli pampando pomwepo, mzere woyamba ukangotha, kwezani zikope ndipo tembenuzani khosi. Mukamva kukoka, kapena mukaona khungu latukuka ngati kahema m'munsi mwa chingwe, nenani kuti amasule ayambirenso. Mukafika kunyumba mutu ukuwawa, masulani mizere ya kutsogolo tsiku lomwelo, musadikire Panado. Uzani woluka asiye titsitsi ta m'mphepete osatigwira, atape tsitsi lambiri pa chingwe chilichonse, ndipo ayambe kuluka ndi tsitsi lanu lokha kenako azilowetsa meshi pang'onopang'ono, m'malo momanga mfundo yolemera pakhungu penipeni. Zingwe zilekezere m'mapewa. Masabata 6, mukachulutsa 8, masulani, chifukwa tsitsi latsopano likamera chingwe chimayamba kulendewera pa titsitsi tochepa. Kenako mutu upume milungu ingapo ndi zingongo zomasuka kapena tsitsi lanu lokha, ndipo ulendo wotsatira mizere ilowere kwina. Ngati mumawongola ndi mankhwala, sankhani chimodzi. Zonse ziwiri sabata imodzi, ayi.

Inu omanga tsitsi kumbuyo ngati mchira, nanunso simunapulumuke. Kulipaka jelo, kulikoka ndi bulashi mpaka nkhope kuwongoka, n'kulimanga malo amodzimodzi tsiku lililonse, ndi kukoka komweko. Limangeni m'munsi cha kunkhongo ndi kansalu kofewa, chala chizitha kulowa pansi pake, ndipo pogona mumasule. Duku nalo, makamaka ife osenza madengu pa nkhata, tisamalimange ngati tikumanga thumba la chimanga pa kabaza. Wigi ya guluu pachipumi chodwala kale ndiye musayerekeze, poichotsa imatenga ndi titsitsi tomwe timayesa kumera.

Loweruka likubwerali pali ukwati, ndikudziwa ambiri mwasungitsa kale malo kosaluni. Mwana wanu akakanena kuti zikuwawa, mukamuchotse pampandopo, ngakhale mutu uli theka.