Thanzi M'banja: Chimene Chimachitika mu Ubongo Munthu Akasiya Mowa Mwadzidzidzi

Mabanja ambiri amasangalala bambo amene ankamwa kachasu tsiku ndi tsiku akalengeza kuti asiya. Koma nthawi zina pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, bambo aja amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kugwa n'kumaphupha ngati wodwala khunyu. Achibale amathamangira kunena kuti alodzedwa, ena amati ndi malungo aakulu. Nthawi zambiri gwero lake limakhala pa timipata ting'onoting'ono ta pakati pa maselo a mu ubongo.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 86 biliyoni. M'kati mwa selo lililonse uthenga umayenda ngati mphamvu ya magetsi, koma maselo ambiri sagundana ngati mawaya olumikiza. Pamene selo lina lathera pamakhala kampata kopyapyala kwambiri, koti tsitsi limodzi limakaposa kukula kuwirikiza ka 2,000. Malo okumanirana amenewa madokotala amawatcha sinapusi.

Nanga uthenga umawoloka bwanji? Mphamvu ija ikafika kumapeto kwa selo, timakomo timatseguka ndipo kashiamu amalowa. Kashiamuyo amachititsa kuti timatumba tokhala ndi kemikolo yonyamula uthenga titsanulire kemikoloyo m'kampata kaja. Ikawoloka imakalowa m'malo ake olandirira pa selo lachiwiri, ngati mmene kiyi amalowera m'loko wake. Zonsezi zimatha mofulumira kwambiri, pafupifupi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Kenako mthengayo amachotsedwa msanga. Selo loyamba lija limamuyamwanso, kapena amaphwanyidwa pomwepo, kuti uthenga wina upeze malo.

Amithengawa alipo ambiri. Asetilikolini ndi amene amauza minofu kuti igwire ntchito. Dopamini amakhudza kayendedwe ka thupi ndiponso chilakolako chobwereza chinthu chimene chatisangalatsa. Serotonini amakhudza tulo, njala ndi mmene tikumvera mumtima, pomwe noradirenalini amatidzidzimutsa ndi kuthamangitsa mtima. Koma pa nkhani ya lero tigwire awiri okha amene amagwira ntchito yaikulu mu ubongo: gulutameti ndi gaba.

Gulutameti ali ngati phazi la dalaivala lowonjezera moto wa galimoto. Akafika pa selo amalikankha kuti nalonso litumize uthenga. Gaba ndiye mabuleki. Iye amatsegula timakomo tolowetsa kuloraidi, ndipo selo limachita ulesi kutumiza uthenga. Ubongo wabwinobwino umayenda chifukwa awiriwa amalingana mphamvu. Moto ukachuluka kwambiri, maselo ambiri amatumiza uthenga nthawi imodzi mosalamulirika, ndipo munthu amagwa n'kuphupha. Mabuleki akachuluka, munthu amawodzera, amakomoka, ndipo ngakhale mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma imafooka.

Mowa umagwira mbali zonse ziwiri. Umawonjezera mphamvu ya gaba, n'kutsekanso ena mwa maloko a gulutameti. N'chifukwa chake woledzera amadzandira, lilime limalemera, ndipo m'mawa sakumbukira za dzulo, pakuti maloko a gulutameti omwewo ndi amene amathandiza kusunga zinthu zatsopano m'mutu.

Tsopano tiyerekeze bambo wa zaka 45 amene wakhala akumwa tsiku lililonse kwa zaka khumi. Ubongo wake sunangokhala chete n'kumapirira mabuleki. Pang'onopang'ono wachepetsa mphamvu ya maloko a gaba, n'kuchulukitsa a gulutameti, kuti munthuyo athe kudzuka ndi kugwira ntchito ngakhale mowa uli m'magazi. Ndiye chifukwa chake botolo limene linkamugwetsa kale lero salimva n'komwe. Anzake amati ndi wolimba mutu, pamene zoona zake n'zakuti ubongo wake ukuyenda ndi moto wochuluka ndi mabuleki akutha, ndipo mowa ndi umene ukugwiriziza.

Tinene kuti wamwa komaliza Lamlungu usiku. Lolemba m'mawa, patapita maola 6 mpaka 12, manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, akuchita nseru ndi nkhawa. Ameneyu akati "ndingochotsa matsire" n'kumwa pang'ono, kunjenjemera kumaleka. Chimenecho ndi chizindikiro chachikulu choti thupi layamba kudalira mowa. Akapanda kumwa, nthawi yoopsa ya kugwa n'kuphupha imakhala m'maola 48 oyambirira, kutanthauza Lolemba ndi Lachiwiri. Kuyambira Lachiwiri usiku mpaka Lachinayi, ena amasokonezeka mutu kotheratu. Sadziwa kumene ali, amaona tizilombo pakhoma, thupi limatentha, thukuta lili kamukamu. Apa munthu akhoza kufa ngati sathandizidwa kuchipatala.

Sikuti aliyense wosiya mowa amafika pamenepo. Ambiri amangovutika masiku ochepa n'kuchira. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene anagwapo kapena kusokonezeka mutu pomwe anayesa kusiya m'mbuyomu, ndiponso amene ali ndi matenda ena. Oterewa asiye ndithu, koma ayambe aonana ndi achipatala tsiku losiyalo lisanafike.

Kuchipatala kawirikawiri amapereka dayazepamu, amene ambiri amamudziwa kuti valiyamu. Mankhwalawa amakakamira pa loko wa gaba, pambali pa pamene gabayo amalowa, n'kuchititsa kuti kakhomo ka kuloraidi kazitseguka pafupipafupi. Ndiye kuti akubwereketsa ubongo mabuleki, kenako adokotala amachepetsa mlingo tsiku ndi tsiku kwa masiku angapo mpaka ubongo utakonzanso ake. Amaperekanso vitamini B1, chifukwa omwa mowa kwambiri amakhala naye wochepa ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo.

Apa mukhoza kuona chifukwa chake dayazepamu ndi mowa siziyenderana. Zonse zikuponda mabuleki amodzimodzi. Munthu amene wamwa ziwirizi pamodzi akhoza kugona tulo tosadzukanso, kupuma kukucheperachepera. Ngati woledzera sakudzuka mukamugwedeza, akupuma mwa apo ndi apo, kapena milomo yasintha mtundu, musati "musiyeni, ukamuchoka adzuka." Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo pezani galimoto. Ngakhale piritoni wa chimfine uja amawodzeretsa, chifukwa amatseka maloko a hisitamini, mthenga amene amatithandiza kukhala maso. Nayenso asaphatikizidwe ndi mowa.

Nkhaniyi ikukhudzanso makolo amene mwana wawo amamwa fenobabitoni chifukwa cha khunyu. Mankhwala amenewa amagwiranso pa loko wa gaba, ndipo amachititsa kuti kakhomo kaja kakatseguka kazikhalitsa. Ubongo wa mwanayo umazolowera thandizo limeneli monga momwe wa bambo uja unazolowerera mowa. Mukaona kuti patha miyezi asanagwe, n'kumusiyitsa nokha, akhoza kugwa moopsa kuposa kale, mobwerezabwereza osatsitsimuka. Kukatenga ena mapiritsi asanathe ndi mbali ya chithandizocho, ndipo wonena zochepetsa ndi dokotala yekha.

Munthu akagwa n'kumaphupha, kaya ndi wakhunyu kaya wosiya mowa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, ikani chofewa kumutu, ndipo musalowetse supuni kapena chala m'kamwa. Kuphupha kukaleka mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala. Mukafika, uzani adokotala mosabisa zimene amamwa, kuchuluka kwake, ndi tsiku ndi ola limene anamwa komaliza. Ola limenelo ndi limene limawathandiza kudziwa pamene wodwalayo wafika ndi zimene zingatsatire usiku umenewo.