Funso la mayankho awiri lisamachongedwe ngati lili ndi yankho limodzi

Mwa mafunso a galamala ya Chingerezi amene ophunzira amapatsidwa kuti alembe mawu oyenera m'mipata, muli ena okhudza mgwirizano wa mneni ndi mwininkhani, kutanthauza munthu kapena chinthu chimene chiganizo chikunena, ndipo ena mwa mafunsowa amamanitsa ana malikisi pamene sanalakwitse kanthu. Popeza m'Malawi muno wolephera Chingerezi sapeza satifiketi ya MSCE, funso lopangidwa mosasamala limapweteka mwana amene sangathe n'komwe kudandaula.

Mbali zina za phunziroli zili ndi lamulo lokhazikika, ndipo pamenepo mpata umayesadi nzeru. Mlowam'malo wosaloza munthu weniweni, monga "everyone" kapena "nobody", amatenga mneni wa chinthu chimodzi ngakhale akunena za khamu, choncho "Everyone is here" ndi wolondola pamene "Everyone are here" ndi wolakwika kulikonse kumene Chingerezi chimalembedwa. Mwana wolankhula Chichewa sayenera kuvutika nazo, chifukwa nayenso amati aliyense wabwera, osati aliyense abwera. Chimodzimodzinso maina awiri akalumikizidwa ndi "either" ndi "or", mneni amatsata dzina limene wayandikana nalo, kotero kuti mu "Either the teacher or the pupils ____ late" muyenera "are", koma mainawo akasinthana malo n'kutsiriza ndi "the teacher", muyenera "is".

Vuto lagona pa maina a unyinji, amene amatchula anthu ambiri ngati chinthu chimodzi, monga "team", "committee" ndi "family". Pa funso lakuti "The committee ____ meeting today", wolemba mayankho amaika "is" n'kudula aliyense amene walemba "are", chonsecho ku Britain, kumene Chingerezi cha m'sukulu za kuno chinachokera, onse awiri ndi ovomerezeka. Kumeneko mneni amatsata zimene wolankhula akuganiza: akaona komiti ngati bungwe limodzi amati "is", akaona anthu amene ali m'komitimo amati "are", n'chifukwa chake owulutsa mpira wa ku England amati "Arsenal are winning" popanda wowadzudzula. Ku America n'kumene mneni wa chinthu chimodzi amakondedwa pafupifupi nthawi zonse. Mwana amene amatsatira mpira wa ku England n'kutolako Chingerezi cholondola amadzalangidwa m'kalasi chifukwa cha khutu lake labwino, ndipo chimene amaphunzirapo n'chakuti galamala ndi kulosera zimene zili m'mutu mwa mphunzitsi.

Mawu akuti "none" nawonso amazunzika chimodzimodzi. Pali chikhulupiriro chakuti, poti mawuwa anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza kuti palibe ngakhale chimodzi, ayenera kutenga mneni wa chinthu chimodzi basi, koma olemba Chingerezi akhala akuwagwiritsa ntchito m'njira zonse ziwiri kwa zaka mazana ambiri. "None of the pupils was absent" ndi "None of the pupils were absent" onse ndi olondola, kungoti woyambayo amamveka wa m'mabuku. Lamulo limalimba pokhapokha dzina lotsatira likakhala la chinthu chosawerengeka, monga mu "None of the water was clean", momwe "were" sangalowemo.

Ena amati mwana wa pulayimale afunika lamulo limodzi losavuta, zina adzazidziwa akakula. Mfundoyi ili ndi pogwira pa nthawi yophunzitsa, pakuti palibe amayamba ndi zovuta, koma igwa ikafika pochonga, chifukwa kuphweketsa phunziro n'kosiyana ndi kulemba mtanda pa yankho lolondola. Komanso lamulo lakuti dzina lililonse la unyinji limatenga "is" limabala zolakwika zakezake, pakuti mwana amene waliloweza amadzalemba "The police is coming", pamene "police" ndi "cattle" amatenga mneni wa zambiri nthawi zonse.

Kukonza funso lotere sikufuna ndalama kapena buku latsopano. Wolemba mayeso angoika m'chiganizomo mawu otseka njira imodzi: mu "The committee ____ changed its rules", mawu akuti "its" asonyeza kale kuti komiti ikuonedwa ngati chinthu chimodzi, ndiye yankho ndi "has"; mu "The committee ____ taken their seats", mawu akuti "their seats" akuloza anthu, ndiye yankho ndi "have". Apa mwana akuyesedwa ngati amawerenga chiganizo chonse asanasankhe mneni, lomwe ndi luso limene adzalifune polemba kalata kapena lipoti. Aphunzitsi ndi olemba mabuku a mafunso awunikenso mipata yawo yonse ya maina a unyinji ndi ya "none", ndipo pamene chiganizo sichitseka njira imodzi, alandire mayankho onse awiri kapena alichotse funsolo.