Ati Liwiro Ni Vamumagazi? Tiyeni Tikafunse ku Kacholola

Mpikisano wa marathoni ukaonekera pa kanema, mawu amene amamveka mu bala ndi m'malo ometera tsitsi ndi amodzimodzi: "Aja ba Kenya osalimbana nawo, ni vamumagazi." Kenaka chimbuya chimalowapo. Wina ati Abemba ndiwo anabadwa ndi bola kumapazi, ife akum'mawa liwiro lathu limathera pothamangitsa mbewa. Timaseka, chifukwa chimbuya ndi chathu ndipo palibe amene amakwiya. Koma pansi pa nthabwalayo pali chikhulupiriro chimene ambiri amachitenga ngati zoona, chakuti mtundu wakutiwakuti unalengedwa kuti uzipambana masewera, ena tonse tiziombera m'manja chabe. Chikhulupiriro chimenechi chikuwataitsa mwayi ana a m'malo ngati Kacholola.

Tiyambe ndi zimene zili zoona. Ambiri mwa akatswiri a ku Kenya othamanga mitunda italiitali ndi Akalenjini, anthu oposa pang'ono 6 miliyoni okhala kumapiri a Rift Valley. Kipchoge Keino, amene anatenga golide pa mamita 1,500 ku Mexico City mu 1968, ndi wa mtundu umenewu. Eliud Kipchoge, amene anathamanga makilomita 42 m'maola osakwana awiri ku Vienna mu 2019, nayenso ndi wa komweko. Izi palibe angatsutse. Funso ndi lakuti chifukwa chake n'chiyani, ndipo apa ndi pamene yankho lakuti "magazi" limayamba kutsimphina.

Poyamba, dzina lakuti Kalenjini si lakale kwambiri. Linafala m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene magulu olankhula zinenero zofanana, monga Anandi, Akipsigisi, Akeiyo ndi Amarakweti, anayamba kudzitchula ndi dzina limodzi. Ife akum'mawa nkhani yotere sitiyenera kuidabwa. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo a Mpezeni atakhazikika kuno anakwatira akazi Achinsenga, mpaka lero Mngoni wa ku Chipata amalankhula Chinsenga. Manje tengani mwana amene atate ake ndi Mngoni, amayi ake Mnsenga wa ku Nyimba. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa atate, kwa Ansenga ndi wa kwa amayi ndi amalume ake. Thupi lake latenga theka uku, theka uku, osafunsa mfumu iliyonse. Mwanayu akapambana mpikisano, tidzati ndi magazi a mtundu uti? Mtundu timauwerenga ndi mwambo ndi chinenero. Thupi silimawerenga choncho.

Asayansi nawonso anayesa kufufuza. Bengt Saltin wa ku Sweden anayeza othamanga a ku Kenya ndi a ku Scandinavia m'zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti mpweya umene thupi lingathe kukoka ndi kugwiritsa ntchito pothamanga mwamphamvu sunali wosiyana kwenikweni. Kusiyana kunali kwakuti Akenya amawononga mphamvu zochepa pa liwiro lomwelo, monga galimoto yosamwa mafuta, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi miyendo yoonda, yopepuka kumunsi. Choncho thupi lili ndi mbali yake, tisanamizane. Koma miyendo yoonda ilibe chitupa cha mtundu. Mudzaipeza ku Kacholola, ku Mongu ndi ku Chawama, ndipo pakati pa Akalenjini omwewo alipo ambirimbiri onenepa amene sangathamangire ngakhale basi. Gulu la Yannis Pitsiladis linakhala zaka likutenga malovu a akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia kufuna chizindikiro chobadwa nacho chimene onse ali nacho. Chizindikiro chimodzi chotero sichinapezeke. Chimene chinaoneka poyera n'chakuti ambiri mwa akatswiriwo anakulira kumapiri ndipo ali ana ankathamanga popita kusukulu.

Apa ndi pamene Kacholola ikulowera. Amene anayendapo pa msewu wa Great East akudziwa kuti mukawoloka mlatho wa Luangwa, msewu umayamba kukwera ndi kukhotakhota m'mapiri musanafike ku Nyimba, mpaka malole odzaza amalira ngati afuna kufa. Ana a m'midzi ya kumeneko amakwera zitunda zimenezi ndi mapazi. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 14 amene sukulu yake ili pa mtunda wa makilomita 6. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 12 pa tsiku, 60 pa sabata, osawerengera kumunda ndi kotunga madzi. Mnzake wa ku Iten ku Kenya amachita chimodzimodzi. Pa msinkhu umenewu, awiriwa angathe kukhala ndi miyendo ndi mtima wofanana. Tiyeni tiwatsate tione pamene njira zawo zimasiyanirana.

Kusiyana koyamba ndi malo. Iten ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Lusaka ili cha pa 1,300, ndipo Kacholola ili pansi kuposa Lusaka. Pamwamba ngati pa Iten mpweya ndi wochepa, ndiye thupi limapanga maselo ofiira ambiri m'magazi kuti linyamule okosijeni wokwanira. Munthu wotero akatsikira kumalo otsika amathamanga osatopa msanga. Koma onani bwino: izi zimachitika kwa aliyense wokhala kumeneko masabata angapo, Mkalenjini kapena Mnsenga. N'chifukwa chake akatswiri a ku Ulaya, monga Mo Farah wa ku Britain, ankapita kukachita masewera ku Iten. Inde ndi nkhani ya magazi, koma magazi amene phiri lapanga. Ndiponso phiri palokha silikwanira. Mzinda wa La Paz ku Bolivia uli pamwamba kuposa Iten, mamita oposa 3,600, koma simunamvepo kuti Bolivia yasesa mamendulo a marathoni.

Kusiyana kwachiwiri ndi diso loona mwana. Mu 1976 ku sukulu ya St Patrick's ku Iten kunafika mphunzitsi wa ku Ireland, Brother Colm O'Connell. Anabwera kudzaphunzitsa jogirafe, osati masewera, koma anakhala komweko n'kuyamba kusonkhanitsa ana aliwiro pa holide, anyamata ndi atsikana. M'manja mwake mwadutsa akatswiri ambiri a dziko lonse. Wotchuka koposa ndi David Rudisha, amene anathamanga mamita 800 mu 1:40.91 ku London mu 2012. Rudisha ndi Mmasai. Anachoka kwawo kupita kumene kunali kochi. Ku Ethiopia nakonso, katauni ka Bekoji kanatulutsa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba, ndipo onsewa anadutsa m'manja mwa mphunzitsi mmodzi, Sentayehu Eshetu. Tikaona akatswiri ambiri akuchokera pamalo amodzi timathamangira kufunsa za makolo awo, pamene tinayenera kufunsa kaye dzina la mphunzitsi.

Kusiyana kwachitatu ndi chimene chimachitika sukulu ikatha. Mtsikana wa ku Iten akadzuka m'mamawa amapeza magulu a anthu akuthamanga m'misewu yafumbi, ndipo amangolowa pambuyo pawo. Akatswiri a marathoni kumeneko amathamanga makilomita oposa 150 pa sabata, chaka ndi chaka. Mtsikanayo amadziwa mnansi amene anamanga nyumba ndi kugula ng'ombe ndi ndalama za mpikisano, ndiye makolo ake samuuza kuti akutaya nthawi. Akachita bwino, apolisi, asilikali kapena a ndende amamulemba ntchito kuti aziwathamangira. Mwa anthu masauzande amene amayesa, ochepa chabe ndiwo timawaona pa kanema. Olephera sitiwaona, n'chifukwa chake timaganiza kuti aliyense kumeneko ndi katswiri.

Nanga wa ku Kacholola? M'masukulu ambiri a kumudzi mpikisano wothamanga umabwera kamodzi pa chaka, pabwalo la bola loyezedwa ndi chingwe, nthawi zambiri popanda wolemba nthawi. Mtsikanayo apambana, apatsidwa kope kapena sopo, basi zathera pompo. Palibe amene akudziwa ngati anathamanga mamita 1,500 m'mphindi 5 kapena 6, ndipo mphindi imodzi imeneyo ndiyo imasiyanitsa mwana wamba ndi mwana woyenera kutumizidwa ku Lusaka. Pofika zaka 18 ali pa msewu kugulitsa nthochi, ndipo ife tili mu bala kunena kuti Ansenga sathamanga. Tadziwa bwanji, pamene sitinamuyeze?

Bola ya Abemba nayonso ili ndi mbiri yofanana. Godfrey Chitalu anachokera ku Luanshya, Kalusha Bwalya ku Mufulira. Amenewa ndi matauni a migodi, kumene makampani anamanga mabwalo, kugula mayunifomu ndi kusunga matimu monga Roan United, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers. Chinenero cha ku Copperbelt ndi Chibemba, ndiye mwana aliyense wokulira kumeneko, kaya makolo ake anachokera ku Petauke kapena ku Malawi, ankamveka ngati Mbemba. Samuel Matete, amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 400 olumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991, anabadwira ku Chingola, tauni ina ya mgodi. Ndipo pamene atsikana a m'makomboni a Lusaka anapeza makochi, tinamva maina ngati Esther Phiri ndi Catherine Phiri mu nkhonya, ndi Barbra Banda mu bola. Magazi a a Phiri ndi a Banda sanasinthe. Chitseko ndicho chinatseguka.

Pali njira yosavuta yoyesera nkhani zoterezi: funsani kuti kale ankanena ndani. M'zaka za m'ma 1920, anthu a ku Finland ndiwo ankalamulira mitunda italiitali. Paavo Nurmi yekha anatenga mamendulo a golide 9 pa Olimpiki, ndipo panali olemba amene ankati ndi chibadwa cha anthu a kumayiko ozizira. Lero zidzukulu zawo zilipo, magazi omwewo, koma mamendulo anasamukira kwina. Ngakhale ku Kenya komweko, golide woyamba wa marathoni pa Olimpiki anabwera mu 2008 ndi Samuel Wanjiru, Mkikuyu amene anaphunzira sukulu ndi kuthamanga ku Japan. Chinthu chimene chimasamuka m'zaka makumi ochepa sichingakhale cha mtundu, chifukwa chibadwa cha anthu sichisintha msanga choncho.

So aphunzitsi a ku Kacholola, Nyimba ndi Petauke, ntchito yoyamba ndi yotchipa maningi. Yezani bwalo bwino kuti kuzungulira kamodzi kukhale mamita 400. Foni iliyonse ili ndi wotchi yoyezera nthawi. Lembani nthawi ya mwana aliyense mu kope, teremu ndi teremu, ndipo muone amene nthawi yake ikutsika mofulumira, osati amene wapambana lero chabe. Kope limenelo ndilo mungapite nalo kwa makochi a ku Lusaka. Muzala Samukonga anabweretsa mendulo ya mkuwa kuchokera ku Paris mu 2024 ndi masekondi 43.74 pa mamita 400, ndipo wotchi ya ku Paris sinamufunse kwawo. Tiyambe tayeza ana athu kwa zaka khumi, kenaka tidzakambirane za magazi.